Kholo likakutumizirani chojambula cha mwana koma osalembapo kanthu

Amene timagwira ntchito ndi ana aang'ono, kaya ndi alezi a kumkombaphala, kaya aphunzitsi a sitandade 1 ngakhale a Sande sukulu, izi zimatichitikira kawirikawiri. Foni imalira madzulo, kutsegula WhatsApp mupeza chithunzi cha pepala long'ambidwa mukope, pali tianthu tamitu ikuluikulu tojambulidwa ndi pensulo, koma pansi pake palibe mawu aliwonse ngakhale moni. Watumiza ndi mayi wa mwana wa m'kalasi mwanu ndipo mukuona kuti akadali pa intaneti, akudikira. Nde muyankha chani?

Ambiri timathamangira mbali ziwiri. Ena timangoponya kachala ka m'mwamba kaja kapena kamtima n'kulemba kuti "zabwino kwambiri" basi nkhani yatha. Ena, makamaka amene tinapitako ku maphunziro a kakulidwe ka ana, timayamba kumasulira, kuti mwanayu wajambula anthu opanda manja ndiye kuti pali chikumusowetsa mtendere, wagwiritsa ntchito zakuda zokhazokha ndiye kuti ndi wokhumudwa. Njira zonse ziwirizi vuto lake ndi limodzi, tayankha funso lomwe sitinalimve. Koma yachiwiriyi ndi yomwe imandidetsa nkhawa kwambiri chifukwa imatha kumugoneka mayi ndi mantha usiku wonse pa chinthu choti panalibe.

Kholo silitumiza chithunzi chopanda mawu chifukwa choti lilibe chonena. Pena ndi kunyadira chabe, mwana wajambula munthu koyamba, mayi akufuna wina aone, ndipo palibe chofunika kulemba. Pena akufuna kudziwa ngati mwana wawo ali bwinobwino poyerekeza ndi anzake koma akuopa kufunsa poyera chifukwa akuopa yankho lake. Pena pali china chake pachithunzipo chomwe chawabaya mtima, mwina mwana sanawajambule bambo ake, ndiye akufuna aone ngati inunso muchiona musanauzidwe. Palinso zifukwa wamba zomwe timaiwala, mwana yemweyo ndi amene walimbikira kuti "atumizireni anti aone", kapena mayiyo kulemba kumawavuta, kapena bandulo inatha chithunzi chitangopita, kapena amatumizira azakhali ake n'kudina nambala yanu. Chithunzicho chimaoneka chimodzimodzi pa zifukwa zonsezi, inu simungadziwe pongochiyang'ana, olo mutachikulitsa bwanji.

Ndiye meseji yoyamba ikuyenera kugwira ntchito ziwiri pakamodzi. Ikhale yoti ngati mayi amangonyadira, akhutire nayo, komanso ngati ali ndi nkhawa, aone kuti khomo ndi lotsegula. Koma kuti muthe kuilemba bwino muyenera kudziwa kaye kuti chojambula cha mwana chimanena chani ndipo sichinena chani, apo ayi mudzadabwa ndi zinthu zosadabwitsa.

Ana amajambula motsata ndondomeko yomwe imafanana kwambiri kulikonse. Wa zaka 2 amangokhwatchakhwatcha, dzanja likusangalala ndi kuyenda kwake. Akamafika zaka 3 amatha kukopera chozungulira mukamuonetsa, pa zaka 4 amatha mtanda, sikweya imabwera chapakati pa 4 ndi 5, ndipo thirayango imachedwa, ambiri amaitha cha m'ma 5 kapena 6 chifukwa mizere yopendekeka ndi yovuta kudzanja laling'ono. Munthu woyamba amene mwana amajambula, cha pa zaka 3 kapena 4, amakhala mutu waukulu wokhala ndi maso, miyendo iwiri ikuchokera kumutu komweko, thupi palibe, manja pena alipo pena palibe. Akatswiri amamutchula kuti munthu wa mbululu chifukwa amaonekadi ngati mbululu za m'chithaphwi. Mndandanda wa bungwe la zaumoyo la ku America la CDC, womwe anaukonzanso mu 2022, umangoyembekezera kuti mwana wa zaka 4 ajambule munthu wa ziwalo zitatu kapena kuposa. Zitatu basi. Mutu, maso, miyendo, wakwanitsa. Ndiye munthu wopanda manja wojambulidwa ndi mwana wa zaka 4 ndi chinthu choti tikuchiyembekezera.

China chomwe makolo amadabwa nacho ndi choti mwana amajambula zomwe akudziwa osati zomwe maso akuona. Mfalansa wina dzina lake Georges-Henri Luquet analemba zimenezi mu 1927 atayang'anitsitsa zojambula za ana kuyambira ndi za mwana wake yemwe. Mwana akamajambula nyumba amaonetsa anthu ali mkati ngati khoma ndi galasi, akamajambula mayi woyembekezera amaika khanda m'mimba likuoneka, ndipo yemwe nkhani ili pa iye tsiku limenelo amatha kukhala wamkulu kuposa nyumba. Si kusokonezeka mutu, mwana akufotokoza nkhani ndipo akuikamo zonse zomwe akudziwa kuti zilimo.

Nanga zoti chojambula chimaulula za mumtima? Apa ndi pomwe tiyenera kudekha. Mu 1926 Florence Goodenough ku America anakonza mayeso oti mwana ajambule munthu kenako n'kuwerenga ziwalo zomwe waikapo, cholinga chake chinali kuyeza kukhwima kwa nzeru. Pambuyo pake anthu ena anayamba kumasulira zizindikiro, manja aakulu akutanthauza chakuti, mano akutanthauza chakuti, koma ofufuza atayesa mobwerezabwereza anapeza kuti kumasulira chizindikiro chimodzichimodzi kotereku sikodalirika, ana osangalala ndi ana ovutika amajambula zinthu zofanana zambirimbiri. Komanso taganizirani za kwathu kuno. Mwana wajambula zakuda zokhazokha chifukwa m'nyumbamo muli pensulo imodzi kapena khala la pambaula, machekeni kulibe. Wina wapaka nkhope yofiira chifukwa chekeni chofiira ndi chomwe chinatsala mupaketi, zina mng'ono wake anathyola. Mwana woti pepala amaliona mwa apo ndi apo amajambula mosalongosoka poyerekeza ndi mnzake woti ali ndi mabuku opakamo kunyumba, koma mupatseni kamtengo pamchenga kapena dongo muone zomwe apange. Ndi chifukwa chake kuno kunapangidwa chida chathuchathu choyezera kakulidwe ka ana, MDAT, chomwe chinasindikizidwa mu 2010, kuti mwana wa kumudzi asamayezedwe ndi zinthu zomwe sanazionepo, ndipo ngakhale chidacho sichidalira pepala limodzi, chimaona kayendedwe, kagwiridwe ka zinthu ndi manja, kalankhulidwe ndi kakhalidwe ndi anthu.

Tsopano tiyerekeze nkhani imodzi kuti tione mawu ake enieni. Mayi wa mtsikana wa zaka 4 watumiza chithunzi cha m'ma 8 koloko usiku. Papepala pali tianthu titatu ta mbululu, kamodzi kakakulu pakati, tiwiri tating'ono m'mbali, onse opanda manja, kumwamba kuli chozungulira chokhwatchidwa mwamphamvu mpaka pepala kuboola pang'ono. Inu mukudziwa kuti pabanjapo alipo anayi, bambo anapita ku Joni kukagwira ntchito.

Musanalembe kalikonse, yang'anani mameseji am'mbuyo. Mayiyu amakonda kutumiza zinthu za mwana kapena aka n'koyamba? Meseji yomaliza inali ya chani, ya fizi, ya kudwala, kapena inu munawauza sabata yatha kuti mwana akumalira m'kalasi? Zimenezi zimakuthandizani kukonzeka, koma musaziike mu yankho. Mukatero lembani motere:

"Mwaswera bwanji mayi, zikomo ponditumizira. Ndikuona anthu atatu, wapakatiyo wamkulu bwino ndipo onse awaikira maso, miyendonso yawongoka ndithu. Wakuuzani kuti ndi ndani amenewa?"

Taonani zomwe zili mmenemo. Muli moni, chifukwa ngakhale iwo sanapereke moni inu mukadumpha zimamveka ngati mwakwiya. Muli zinthu ziwiri zitatu zomwe mwaonadi papepalapo, ndipo apa ndi pomwe pali chikondi chenicheni, chifukwa "zabwino kwambiri" munthu atha kulemba asanatsegule n'komwe chithunzi, koma kunena kuti anthu ndi atatu ndipo wapakati ndi wamkulu kukuonetsa kuti mwakhala pansi n'kuyang'ana ntchito ya mwana wawo. Kenako funso limodzi lokha, losavuta kuyankha, ndipo funsolo likupita kwa mwana kudzera mwa mayi. Simunafunse kuti "pali vuto?" chifukwa mayi amene amangonyadira adzayamba kuganiza kuti mwaona vuto. Simunafunse kuti "mukufuna ndikuthandizeni chani?" chifukwa zimamveka ngati za pawindo la ofesi. Ndipo simunatchule kuti bambo palibe, simunatchule kuti manja palibe. Mwanena zomwe zilipo, zomwe palibe mwazisiya kuti azitchule okha ngati ndi zomwe zawabweretsa.

Chinanso, musatchule dzina la chinthu chomwe simukutsimikiza. Chozungulira chakumwambacho inu mukuona ngati dzuwa koma mwina ndi mpira, mwina ndi mbale ya nsima. Mukalemba kuti "dzuwa lokongola" mayi n'kumuwerengera mwana, mwanayo amatha kukhumudwa kuti anti sanamvetse, kapena amangovomera kuti ndi dzuwa pofuna kukusangalatsani ndipo nkhani yake yeniyeni yatayika. Nenani kuti "chozungulira chakumwambacho wachilimbikira zedi" basi. Ngati mukudziwa kuti mayiyo kuwerenga kumawavuta tumizani voisi yaifupi, mawu apakamwa amanyamula kumwetulira komwe zilembo zimataya, koma ikhale yaifupidi, anthu amawerengera bandulo.

Yankho lomwe libwere ndi lomwe likuuzeni komwe nkhani ikupita. Akalemba kuti "kkkk akuti ndi ineyo, iyeyo ndi mng'ono wake, wati ndikutumizireni" ndiye kuti zatha bwino, kunali kunyadira. Ayankheni kuti amuuze mwana kuti anti aona ndipo mawa abweretse tidzapachike pakhoma, ndipo mawalo mupachikedi. Osawonjezera malangizo omwe sanapemphe, za kagwiridwe ka pensulo kapena kuti muzimugulira machekeni, munthu anabwera ndi chimwemwe asabwerere ndi homuweki.

Akalemba kuti "koma wa aneba wa msinkhu womwewu akujambula ndi zala zomwe, akulembanso dzina lake" mwadziwa kuti funso lenileni ndi lakuti mwana wanga watsalira kodi. Apa "musadandaule" payekha sathandiza, munthu amafuna chifukwa. Auzeni zoona zake mwachidule, kuti pa zaka 4 munthu wa mutu, maso ndi miyendo ndi zomwe timayembekezera, thupi ndi manja zimabwera m'tsogolo muno, ndipo ana a msinkhu umodzi amasiyana ndi miyezi yambiri pa zimenezi. Kenako onjezerani zomwe inu mwaona m'kalasi zomwe mayi sangazione papepala, kuti amatha kumanga mabatani, amatunga mikanda pa ulusi, amafotokoza nkhani anzake n'kumva. Ngati zimenezi ndi zoona, mayi agona. Koma ngati inunso mwakhala mukuona kuti mwanayu pa zaka 4 sakutha kukopera chozungulira ngakhale mwamuonetsa kangapo, zinthu zimangomupulumuka m'manja, mawu ake ndi ochepa kapena samatembenuka mukamuitana kumbuyo, kapena wasiya kuchita zomwe ankatha kale, musabise pofuna kukoma. Nkhani yotere siyokambira pa meseji usiku, apempheni kuti mawa akamabwera ndi mwana mucheze pang'ono, ndipo pochezapo alimbikitseni kupita naye kuchipatala kapena kwa alangizi a zaumoyo atatenga buku lake la kusikelo, kuti akamuone makutu, maso ndi kakulidwe konse. Chomwe chakupangitsani kutero ndi zonse mwaona kwa miyezi, pepalalo langotsegula nkhani.

Yankho lachitatu ndi lomwe limafuna mtima wodekha. Mayi alemba kuti "akuti ndi ine ndi iye ndi mwana, bambo ake sanawajambule" kenako chete. Apa mayi sakufunsa za luso la kujambula, mwina akufunsa ngati mwana waiwala bambo ake, mwina akudzimva olakwa, mwinanso iwowo ndi amene asowa amuna awo ndipo alibe womuuza. Musathamangire kunena kuti sizikutanthauza kanthu, komanso musavomereze kuti zikutanthauza zoopsa. Mutha kulemba kuti "Ndamva mayi. Ana a msinkhu uwu kawirikawiri amajambula anthu omwe ali nawo pafupi tsiku limenelo, pena pepala limangowathera. Inu zakukhudzani bwanji mutaona?" Funso lomalizali ndi lomwe limatsegula, ndipo mukalifunsa dikirani, musadzaze mpatawo ndi mameseji ena asanu. Mutha kuona pamwamba pakulembedwa kuti akulemba, kenako kusiya, kenako kuyambanso, musiyeni munthu apeze mawu ake. Akafuna chochita, auzeni kuti amufunse mwana mwachisawawa kuti "tandiuza za chithunzi chakochi" osati "bwanji sunawajambule adadi", chifukwa funso la bwanji mwana amalimva ngati walakwa ndipo amangotseka pakamwa kapena kupeka yankho. Nthawi zambiri yankho la mwana limakhala losavuta, adadi ali ku Joni, ndipo pepalali ndi la kunyumba kuno. Kwa iye nkhani yake ndi yolondola, wajambula omwe alipo.

Nanga akapanda kuyankha? Timizere tiwiri tasanduka tabuluu koma zii. Musawathamangitse ndi "mayi mulipo?" usiku womwewo. Mwina magetsi azima foni yathima, mwina akugoneka ana, mwina alimba mtima theka lokha. Mawa pageti mungonena kuti chithunzi chija ndinachiona, ndinasangalala nacho, kenako muone nkhope yawo. Anthu ambiri kwathu kuno nkhani yolemera amaiyamba maso ndi maso, chithunzi chija chinali kugogoda chabe.

Pali mbali imodzi yomwe sitingailambalale ngakhale sichitika kawirikawiri. Pena chojambula chimaonetsa zinthu zomwe mwana wa msinkhu umenewo sitiyembekezera kuti azidziwe, monga zogonana zooneka bwinobwino, kapena munthu wamkulu wodziwika akumenya mwana ndipo zikubwerezedwa pa mapepala angapo. Chojambula pachokha si umboni woti mwana wachitidwa nkhanza, ana amajambula ziwalo za thupi chifukwa cha chidwi, amajambulanso zomwe aona pa TV kapena pafoni ya achimwene awo. Koma si chinthu chongoseka n'kuiwala, makamaka ngati pali zina zomwe zasintha, mwana wayamba kukodzanso pogona atasiya kale, akuopa munthu wina wake, akudandaula kuwawa kumalo obisika. Pamenepa siyani kulemberana, imbani foni kapena kumanani. Auzeni mayi kuti asamukalipire mwana, asang'ambe pepalalo, alembe deti kumbuyo kwake pamodzi ndi mawu enieni omwe mwana wanena mmene wawanenera. Chofunika kwambiri, asamupanikize ndi mafunso omuikira mawu m'kamwa ngati "anakugwira ndi amalume eti?" chifukwa mwana wamng'ono amavomera zomwe wamkulu akuoneka kuti akufuna, ndipo zikatero ngakhale odziwa ntchito yawo amavutika kupeza zomwe zinachitikadi. Inunso musadzipange wapolisi wofufuza. Ku Malawi kuli nambala yaulere yothandiza ana ya 116, kupolisi kuli nthambi yothandiza ochitidwa nkhanza, ku ofesi ya DC kuli a zachisamaliro cha anthu, ndipo zipatala zina zikuluzikulu monga Queens ku Blantyre zili ndi malo a Chikwanekwane komwe achipatala, apolisi ndi opereka uphungu amapezeka pamodzi. Ndipo musalonjeze mayi kuti nkhaniyi ithera pakati pa awirinu, ngati mwana ali pachiopsezo lonjezo limenelo simungalisunge, auzeni poyera kuti mupita nawo limodzi kwa oyenera.

Za chithunzi chenichenicho, ambiri timachita mosaganiza. Mwana wajambula zosangalatsa ndiye timachiika pa sitetasi kapena kuchiponya mugulupu la makolo. Koma papepalapo nthawi zambiri pamakhala dzina la mwana lomwe mayi kapena mphunzitsi analemba pakona, pena kumbuyo kwa chithunzi kukuoneka yunifolomu kapena m'nyumba mwawo. Mayi anatumizira inu, sanatumizire gulu. Pemphani kaye, ndipo akalola dulani mbali ya dzina. Ngati chithunzicho ndi cha mtundu wodetsa nkhawa uja musachitumize kwa anzanu kuti "taonani izi mukuganiza bwanji", mawa chidzakhala chili m'mafoni a anthu a m'dera lonse ndipo amene avutike ndi mwana. Onetsani ahedi kapena amene amaona za chitetezo cha ana pasukulu panu, pafoni yanu yomweyo, osachifowada.

Ndipo si aphunzitsi okha. Ngati ndinu azakhali muli ku Leeds kapena amalume muli ku Cape Town, mlongo wanu wakutumizirani pepala la mwana popanda mawu, inu muli ndi mwayi womwe mphunzitsi alibe, mutha kuimba vidiyo n'kupempha mwini chithunzi abwere pafoni akufotokozereni yekha kuti uyu ndi ndani, uyu akupita kuti. Mwana akamaliza n'kuthamangira kukasewera musadule msanga, khalani pang'ono ndi mayi ake muwafunse kuti nanga inuyo zikuyenda bwanji kumeneko.